Kufewetsa ndime yojambulidwa pa foni: citsanzo ca Giredi 2

Tinene kuti muphunzitsa Giredi 2 ku Shimabala, ndipo mwajambula pa foni ndime iyi m'buku la ana aakulu:

"Mtsinje wa Kafue, umene uyambira kufupi ndi malire a Zambia ndi Congo ndi kuyenda mtunda wa makilomita pafupi-fupi 1,600 usanathire mu Zambezi kufupi ndi Chirundu, ndiwo upatsa mzinda wa Lusaka gawo la madzi ake kudzera ku Iolanda, ndiponso uzunguza makina opanga magetsi ku Kafue Gorge."

Musanasinthe kanthu, kulitsani cithunzico ndi kukopera ndime yonse papepala. Cithunzi cimadula mau a m'mphepete, ndipo kuwala kukagwera pa nambala, 1,600 ingaoneke ngati 600.

Ici ndi ciganizo cimodzi ca mau 45. Muyeso umene tigwiritse nchito pano ndi uwu: ciganizo cisapose mau 8, ndipo cinene cinthu cimodzi cabe. Dzifunseni kuti mwana akatseka buku ayenera kutsala ndi ciani. Pano mfundo ndi zisanu: utali, kumene mtsinje uyambira, kumene uthira, madzi, ndi magetsi. Iliyonse ipatseni ciganizo cake.

"Kafue ndi mtsinje wautali. Uyambira kufupi ndi dziko la Congo. Uthira mu mtsinje wa Zambezi. Madzi ena a ku Lusaka acokera mu Kafue. Madzi a Kafue apanganso magetsi."

Iolanda, Chirundu ndi Gorge tawacotsa, cifukwa kalembedwe kao sikatsata mamvekero amene ana aphunzira mu Cinyanja. Mukhoza kuwachula pakamwa. Nambala talowetsa m'malo mwake liu lakuti "wautali". Mukaisunga ku giredi yapamwamba, musasiye "pafupi-fupi".

Pamene ambiri amagwa ndi pa ciganizo cacinai. Pofuna kufupikitsa amalemba kuti, "Madzi a ku Lusaka acokera mu Kafue." Ciganizo cafewa ndithu, koma tsopano cinena zabodza, pakuti Lusaka amatunganso madzi m'zitsime zakuya zokumbidwa ndi makina. Ndime yoyamba inati "gawo la madzi", ndipo kaliu kakuti "ena" ndiko kasunga coonadi cimeneco. Mau monga "ena", "nthawi zina" ndi "kufupi ndi" aoneka ngati osafunika, koma ndiwo malire a mfundo. Dulani maina ndi zokometsera, awa asiyeni.

Musangowerenga kuculuka kwa mau. Liu limodzi la Cinyanja lingasenze zambiri: "usanathire" lili ndi masilabulo asanu ndiponso ganizo la nthawi, n'cifukwa cake talemba "uthira". Liu lakuti "mtsinje" ndi lovuta koma nkhani siingaime popanda ilo, conco lilembeni pa bolodi ndi kuliphunzitsa coyamba.

Pomaliza patsani mwana wa pakati-kati, osati wanzeru koposa, kuti awerenge mokweza. Akaphonya mau oposa limodzi pa mau 10 alionse, ndime ikali yolimba. Akatha mufunseni kuti, "Kodi madzi onse a ku Lusaka acokera mu Kafue?" Akayankha kuti inde, bwererani ku ciganizo cacinai.