Minibasi ikagwa, adzalipira okwera ndani?

Wapolisi wa pamsewu akaimika minibasi, amayang'ana timapepala tomata pagalasi lakutsogolo, n'kuona ngati masiku a inshuwalansi ndi a COF sanathe. Zikakhala bwino amakweza dzanja, dalaivala n'kuponda moto. Okwera ambiri amaganiza kuti kapepala kaja ndi umboni wokwanira woti ngozi itachitika, aliyense wovulala adzalandira chipukuta misozi chokwanira. Eni minibasi ambiri amaganizanso chimodzimodzi, ndipo ndi iwo amene amadzalira kwambiri. Kapepala ka pagalasi kamangonena kuti pangano lilipo. Zimene kampani idalonjeza kulipira, ndi zimene idakaniratu, zili m'chikalata china chimene ambiri amachiponya m'kabati osachiwerenga.

Lamulo la zapamsewu la dziko lino, la chaka cha 1997, limaletsa kuyendetsa galimoto pamsewu popanda inshuwalansi yoteteza anthu ena amene galimotoyo ingawavulaze kapena kuwapha. Iyi ndi ija anthu amaitcha thedi pate. Siikonza galimoto yanu. Ntchito yake ndi kulipira m'malo mwanu pamene inu kapena dalaivala wanu mwapezeka olakwa. Ina ija ya kompulihensivu imawonjezerapo kukonza kapena kubweza minibasi yanuyo, koma musanyengeke ndi dzina lake kapena mtengo wake: kukwera mtengo kwake n'chifukwa cha chitsulo cha galimoto, osati chifukwa choti okwera atetezedwa koposa. Gawo la okwera limalembedwa palokha, ndipo lili ndi malire ake.

Malire oyamba ndi ntchito imene mudauza kampani kuti galimoto izigwira. Pogula inshuwalansi mumadzaza fomu, ndipo funso lina limafunsa kuti galimotoyo ndi yoyendera banja, yonyamula katundu, kapena yonyamula anthu olipira. Mtengo umasiyana kwambiri, chifukwa minibasi imene imayamba ulendo mbandakucha n'kuweruka usiku, ikuima pasiteji iliyonse, ili pa chiopsezo chachikulu kuposa galimoto yopita kutchalitchi Lamlungu. Apa ndi pamene ena amachenjera pogona. Munthu amagula Hiace kapena Sienta, n'kuilembetsa ngati yoyendera banja kuti alipire zochepa, kenako n'kuipereka kwa mnyamata kuti azichita matola. Chikalata cha galimoto yoyendera banja chimanena mosabisa kuti sichikhudza kunyamula anthu olipira. Ngozi ikachitika, wofufuza wa kampani savutika. Amafunsa ovulala amene ali m'chipatala kuti anakwerera pati ndipo analipira zingati, ndipo yankho la munthu mmodzi ndi lokwanira. Galimoto yololedwa kunyamula anthu olipira imadziwika ndi nambala yake ya zilembo zofiira, imakhala ndi chilolezo cha ntchitoyo chochokera ku ofesi yoona zapamsewu, ndipo woiyendetsa amayenera kukhala ndi chiphaso chapadera choyendetsera anthu, kuwonjezera pa laisensi wamba.

Tiyeni titsatire nkhani imodzi yongoyerekeza, ndipo ndalama zimene nditchule ndi zongofanizira.

Mayi wina wopuma pa ntchito ya uphunzitsi wagula Hiace ndi ndalama za penshoni, n'kuiika pa msewu wa Limbe kupita ku Zomba. Wachita zonse mwadongosolo. Inshuwalansi ndi ya galimoto yonyamula anthu olipira, ndipo chikalata chikuti okwera ndi 14, malire a ndalama zolipira ovulala ndi omwalira ndi K5 miliyoni pa ngozi imodzi. Dalaivala wake ali ndi mapepala onse. Mayiyo wamuikira tageti ya tsiku, zotsala ndi za iye ndi kondakitala. Loweruka lina dalaivala watopa, wapereka makiyi kwa mnzake waganyu kuti amuyendere ulendo umodzi. Waganyuyo akufuna kupeza zake pa ulendo umodzi womwewo, choncho m'malo mwa atatuatatu pa mpando wakweza anayianayi, anthu akwana 18. Atadutsa Namadzi, tayala lakumbuyo, lomwe linali litatha kale mpaka mawaya kuoneka, laphulika, minibasi n'kugubuduzika. Bambo mmodzi wamwalira, anthu awiri athyoka miyendo, anayi avulala pang'ono.

Funso loyamba limene kampani idzafunse ndi lakuti ankayendetsa ndani. Zikalata zina zimalola munthu aliyense amene mwini wamuloleza, bola akhale ndi laisensi yoyenera mtundu wa galimotoyo. Zina zimatchula dalaivala ndi dzina, kapena zimaika msinkhu ndi zaka zimene munthu wakhala akuyendetsa. Waganyu uja mayiyo sakumudziwa n'komwe, ndipo ngati alibe chiphaso choyendetsera anthu, pangano laphwanyidwa. Funso lachiwiri ndi la chiwerengero cha okwera, ndipo lipoti la apolisi lidzanena kuti anali 18 pamene chikalata chikuti 14. Lachitatu ndi la tayala, chifukwa chikalata chimalamula mwini kusamala galimoto kuti ikhale yoyenera pamsewu. COF yosatha masiku siipulumutsa munthu pamenepa. Imangonena m'mene galimoto inalili tsiku loyesedwa, ndipo tonse tikudziwa za matayala obwereka tsiku lokayezetsa n'kubwezedwa madzulo ake.

Pa minibasi yophwanyikayo, kampani ili ndi zifukwa zokwanira zokanira kukonza, ngakhale inshuwalansi ikhale ya kompulihensivu. Pa ovulala nkhani ndi yosiyanako, chifukwa lamulo silifuna kuti munthu wosalakwa avutike chifukwa cha mikangano ya mwini galimoto ndi kampani yake. Pali zophwanya pangano zina zimene kampani siingabisalireko pamaso pa wovulala. Koma mwini asapume msanga. M'zikalata zambiri muli ndime yonena kuti kampani ikalipira ndalama chifukwa chokakamizidwa ndi lamulo, pamene malinga ndi pangano sikadalipira, mwini galimoto adzaibwezera ndalamazo. Kaya kampani yakana, kaya yalipira n'kutembenukira kwa mayiyo, ngongole ikuthera pakhomo pake.

Tsono tiyerekeze kuti zonse zinali bwino: dalaivala ndi weniweni uja, okwera ndi 14, koma anathamanga kwambiri pokhota n'kugwetsa galimoto. Kampani yavomera kulipira. Khothi lagamula kuti banja la womwalira lilandire K9 miliyoni, othyoka miyendo aja wina K4 miliyoni, wina K3 miliyoni, ndipo anayi aja K500,000 aliyense. Zonse pamodzi zakwana K18 miliyoni. Kampani ilipira K5 miliyoni n'kulekera pomwepo, chifukwa ndi pamene pangano lidathera. K13 miliyoni yotsalayo ndi ya dalaivala ndi bwana wake, popeza pa lamulo wolemba ntchito amayankha zolakwa zimene wantchito wachita ali pa ntchito. Dalaivala nthawi zambiri alibe kanthu, choncho olanda katundu m'dzina la khothi amalunjika kwa mayi uja.

Nambala ya K5 miliyoni sindinangoitola. Kwa zaka zambiri ndi malire amene akhala akutchulidwa m'milandu ya ngozi zapamsewu m'makhothi athu, pamene kwacha yakhala ikugwa mphamvu ndipo zigamulo za chipukuta misozi zikukwera. Kwa galimoto yonyamula anthu oposa khumi, malire otere ndi ochepa momvetsa chisoni, makamaka akakhala a ngozi yonse osati a munthu mmodzimmodzi. Kusiyana kwa mawu awiriwa, "pa munthu mmodzi" ndi "pa ngozi imodzi", ndiye chinthu choyamba chimene mwini minibasi ayenera kufunsa asanapereke ndalama. Malirewo amatha kukwezedwa munthu akawonjezera malipiro, koma wogulitsa inshuwalansi amene akuona kuti mukungofuna kapepala kodutsira pa rodibuloko sadzakuuzani ngati simufunsa.

Pali anthu awiri m'minibasi amene gawo la okwera siliwawerengera: dalaivala ndi kondakitala. Iwowa ndi antchito, ndipo kuvulala kwawo kumagwera pa lamulo lina, la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito, limene limaika udindo pa wolemba ntchito. Inshuwalansi yake imagulidwa payokha. Kondakitala ndi amene amalendewera pachitseko galimoto ikuyenda, ndipo ndi iye amene kawirikawiri palibe anamuganizira. Katundu wa okwera nayenso, matumba a mbatata ndi mabelo a kaunjika omangidwa kumbuyo, nthawi zambiri sakhala m'pangano.

Kwa wokwera, chofunika kudziwa n'chakuti inshuwalansi imeneyi siilipira chifukwa chongoti mwavulala. Imalipira pakaoneka kuti wina analakwa, ndipo kampani yolipira ndi ya galimoto yolakwayo. Ngati lole ndi imene inagunda minibasi yanu itaima bwinobwino, nkhani yanu ili ndi kampani ya loleyo. N'chifukwa chake lipoti la apolisi ndi lofunika kwambiri. M'minibasi simupatsidwa tikiti, choncho umboni woti munalimo ndi dzina lanu pa mndandanda wa apolisi ndi zolemba za kuchipatala za tsiku lomwelo. Munthu amene wamva kuti sanavulale kwambiri n'kukwera galimoto ina kupita kwawo, msana n'kudzayamba kupweteka patapita sabata, amavutika kutsimikiza nkhani yake. Lembetsani dzina, sungani nambala ya galimoto, pitani kuchipatala ndipo sungani malisiti onse. Lamulo limalola wovulala kusumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji, koma mwayi umenewu uli ndi nthawi yake yothera, ndiye osazengereza. Amene sangathe kulipira loya angathe kukafunsa thandizo ku bungwe la boma la Legal Aid Bureau. Ndipo wina akabwera kuchipatala ndi kandalama ndi pepala loti musainire kuti nkhani yatha, musasaine dokotala asananene kuti kuvulalako kudzakusiyani bwanji, chifukwa mukasaina simudzabwereranso.

Mwini minibasi naye ali ndi zake zoti achite ngozi ikangochitika. Adziwitse kampani msanga, m'masiku amene chikalata chanena, ndipo asalonjeze aliyense kuti alipira kapena kuvomera mlandu payekha kampani isanadziwe, pakuti zimenezi nazonso zimaphwanya pangano. Kalata ya loya kapena samani ikafika, aipititse ku kampani tsiku lomwelo. Ambiri amaisunga poganiza kuti nkhani izizira yokha, n'kudzadzidzimuka chigamulo chitaperekedwa iwo kulibe. Kampani ikakana kulipira, pemphani kuti ilembe chifukwa chake. Ngati simukukhutira, madandaulo okhudza makampani a inshuwalansi amapita ku Reserve Bank of Malawi, amene amayang'anira makampaniwa.

Ogula minibasi kwa mnzawo asamalenso. Inshuwalansi ndi pangano la kampani ndi munthu amene adalemba fomu, ndiye siisamuka yokha pamodzi ndi makiyi, ngakhale kapepala ka pagalasi kakuonetsa kuti kwatsala miyezi isanu.

Inu amene muli ndi minibasi pamsewu, tulutsani chikalata chija usiku uno, muone ntchito imene idalembedwa, chiwerengero cha okwera, ololedwa kuyendetsa ndi malire a ndalama. Chimene simukuchimva, kafunseni ku kampani ndipo akuyankheni polemba. Mukatero muitane dalaivala wanu, mumuuze kuti makiyi asapatse waganyu, ndipo tageti imene mwamuikira ikhale yoti angaikwanitse atanyamula atatuatatu.