Ubongo si njerwa ndi matope

Pali matenda ena amene amayamba ngati vuto la m'mimba. Mayi wa zaka za m'ma 30 amagwidwa ndi chidikwidikwi chosaleka, n'kumasanza masiku angapo otsatizana. Kuchipatala amamuyeza malungo, amamuyeza ngati ali woyembekezera, amamupatsa mankhwala a zilonda za m'mimba, koma osasintha. Pakapita milungu diso limodzi limayamba kupweteka akamaliyendetsa, kenaka limachita chifunga. Ena miyendo imachita dzanzi mpaka kulephera kuyenda, mkodzo n'kumakana kutuluka. Vuto lili mu ubongo ndi mumsana, koma oyamba kufa si manyuroni, maselo otchuka aja amene amatumiza mauthenga. Oyamba kufa ndi maselo ena amene kwa zaka zambiri ankayesedwa matope ogwirizira njerwa.

Dzina lawo lenilenilo likuchokera pa maganizo amenewo. Mu 1856 dokotala wa ku Jeremani, Rudolf Virchow, anatcha zinthu zodzaza mipata ya pakati pa manyuroni kuti giliya, mawu a Chigiriki otanthauza chomatira, ngati ulimbo. Mu 1919 katswiri wa ku Sipeini, Pío del Río Hortega, anapaka tizidutswa ta ubongo mankhwala a siliva n'kuona pa maikulosikopu timaselo ting'onoting'ono tanthambi, timene anatitcha maikirogiliya. Mu 1921 anafotokoza mtundu winanso, maoligodendirosayiti. Kuphatikiza ndi maasitirosayiti, amene anali atadziwika kale, mitundu ikuluikulu inakwana itatu.

Mabuku ambiri ankanena kuti magiliya amachuluka kakhumi kuposa manyuroni. Mu 2009 gulu la Suzana Herculano-Houzel ku Brazil linasungunula ubongo wa anthu omwalira n'kuwerenga maselo ake. Linapeza manyuroni pafupifupi mabiliyoni 86, ndipo maselo ena onse analinso pafupifupi chiwerengero chomwecho. Choncho theka la maselo a m'mutu mwanu satumiza mauthenga a magetsi. Kuti timvetse matenda a mayi uja, tiyenera kuona chimene theka limeneli limachita.

Tiyambe ndi asitirosayiti, selo looneka ngati nyenyezi. Manyuroni awiri sagundana. Pakati pawo pamakhala kampata kochepetsetsa kotchedwa sinapisi, ndipo uthenga umawoloka kampatako pa mankhwala amene nyuroni yoyamba imathira. Mankhwala ofala kwambiri pa ntchitoyi ndi gulutameti. Akangogunda nyuroni yachiwiri, ntchito yawo yatha, ndipo ayenera kuchoka msanga. Akatsalira, nyuroniyo imangolirabe ngati belu la galimoto lokakamira, mauthenga atsopano samveka, ndipo akachuluka kwambiri nyuroniyo imafa. Izi n'zina mwa zimene zimaononga ubongo munthu akadwala sitiroko.

Wochotsa gulutameti wambiri ndi asitirosayiti. Nthambi zake zopyapyala zimakuta masinapisi, ndipo mu ubongo wa khoswe selo limodzi limafikira masinapisi oposa 100,000. Likayamwa gulutameti silimutaya. Limamusandutsa gulutamini, amene sadzutsa nyuroni, n'kumubwezera kwa mwini wake kuti akapangirenso gulutameti wa uthenga wotsatira. Limatolanso mchere wa potaziyamu umene manyuroni amatulutsa nthawi iliyonse akatumiza uthenga. Mcherewu ukaunjikana kunja kwa maselo, manyuroni amadzidzimuka ndi kanthu kochepa, ndipo khunyu siikhala patali.

Nthambi zina za asitirosayiti zimakathera pa timitsempha ta magazi. Kumapeto kwake zimaphwatalala ngati mapazi, n'kukuta pafupifupi khoma lonse la kamtsemphako. Mapaziwa amathandiza kulimbitsa mpanda umene umaletsa zinthu zambiri za m'magazi kulowa mu ubongo. Pamapazipo pali tizibowo todutsira madzi, totchedwa akwaporini 4. Dzina limeneli mulisunge, tikumana nalonso.

Selo lachiwiri, maikirogiliya, ndi mlendo amene anakhazikika. Manyuroni, maasitirosayiti ndi maoligodendirosayiti ndi a mtundu umodzi, onse amachokera ku maselo amene amaumba ubongo mwana ali m'mimba. Maikirogiliya ndi abale a maselo oteteza thupi. Amabadwira kunja kwa ubongo mimba ikadali yaing'ono kwambiri, n'kulowamo, n'kukhala momwemo moyo wonse akudzichulukitsa okha. Kale ankati amangogona podikira bala kapena kachilombo. Mu 2005 akatswiri anajambula ubongo wa mbewa zamoyo n'kuona kuti ngakhale pa mtendere nthambi zawo zimangotambasuka ndi kubwerera, zikufufuza paliponse. Pakachitika kabala, nthambi za maselo oyandikana zimalunjika pamenepo m'mphindi zochepa chabe.

Koma ntchito yawo yodabwitsa ikufanana ndi ya mlimi wopatulira chimanga. Ubongo wa khanda umapanga masinapisi ochuluka kuposa amene udzawagwiritse ntchito, monga mbewu zomera zambiri paphando limodzi. Mu 2012 Dorothy Schafer ndi Beth Stevens ku Boston anafufuza mbewa zongobadwa kumene. Pa msinkhu umenewo mitsempha yochokera ku maso awiri imafika pamalo amodzi mu ubongo itasakanikirana, ndipo m'masiku ochepa imayenera kugawana malo. Anaika utoto wosiyana m'diso lililonse, ndipo anapeza tizidutswa ta mitsempha yautotoyo m'kati mwa maikirogiliya: anali atatimeza. Atafooketsa diso limodzi ndi mankhwala, mitsempha ya diso lofookalo ndiyo inadyedwa kwambiri. Chizindikiro chosonyeza chodyedwa chinali mapuloteni a komplimenti, omwewo amene m'magazi amamatirira pa tizilombo kuti tiphedwe. Ndiye kuti maikirogiliya amathandiza kusankha njira zotsala mu ubongo ndi njira zofafanizika.

Maselo omwewa ali ndi mbali pa matenda amene tikuwadziwa bwino kwathu kuno. Kachilombo ka HIV kakalowa mu ubongo sikaswana m'manyuroni. Kamakhala m'maikirogiliya ndi m'maselo ofanana nawo, ndipo zinthu zimene maselo odwalawa amatulutsa ndizo zimavulaza manyuroni. N'chifukwa chake mankhwala otalikitsa moyo asanabwere, odwala ambiri amene matenda awafika patali ankaiwalaiwala ndi kuchedwa kuganiza.

Selo lachitatu, oligodendirosayiti, ndi lokuta mawaya. Nyuroni ili ndi chingwe chachitali chotchedwa akisoni, chimene uthenga umayendamo. Oligodendirosayiti imatambasula mikono yake, ndipo mkono uliwonse umazengereza chigawo cha akisoni kambirimbiri ndi khungu lamafuta lotchedwa mayelini. Selo limodzi limatha kukuta zigawo makumi angapo za maakisoni osiyanasiyana. Pakati pa chigawo ndi chinzake pamatsala kampata, ngati mfundo za nzimbe, ndipo uthenga umalumpha kuchoka pa mfundo kufika pa mfundo ina. M'kachingwe kopanda mayelini uthenga umayenda pafupifupi mita imodzi pa sekondi. M'chingwe chachikulu chokutidwa bwino umatha kufika mamita 100 pa sekondi. Mtunda umene wina amatenga sekondi yathunthu, winayo amautha kazana m'sekondi yomweyo. Kunja kwa ubongo ndi msana, monga m'manja ndi m'miyendo, ntchito yokutayi imagwiridwa ndi maselo ena.

Kukutaku sikuthera kuubwana. Mbali zina za ubongo zimapitirizabe kukutidwa munthu atapitirira zaka 20, ndipo mu ubongo wa wamkulu mumakhala maselo osungidwa oti n'kusanduka maoligodendirosayiti atsopano. Mu 2014 gulu la William Richardson ku London linaika mbewa pa gudumu lothamangirapo limene linachotsedwa timitanda tina, kotero kuti mipata yopondapo inali yosafanana. Mbewa zabwinobwino zinaphunzira kuthamangapo, ndipo ubongo wawo unapanga maoligodendirosayiti atsopano. Mbewa zimene zinatsekeredwa kupanga maselo atsopanowa zinavutika kuphunzira, ngakhale mayelini wawo wakale anali bwinobwino. Koma zimene zinaphunzira kaye zisanatsekeredwe sizinaiwale. Luso latsopano la thupi limafuna okuta mawaya atsopano.

Tsopano tibwerere kwa mayi wa chidikwidikwi. Matenda ake ndi nyuromayelaitisi oputika, amene dokotala wa ku Lyon, Eugène Devic, anawafotokoza mu 1894. Kwa zaka zoposa 100 ambiri ankawayesa mtundu chabe wa matenda ena othetsa mayelini, otchedwa matipo sikilerosisi. Mu 2004 gulu la Vanda Lennon ku Amerika linapeza m'magazi a odwalawa asilikali a thupi, maantibodi, amene odwala matenda enawo alibe. Chaka chotsatira linapeza chimene asilikaliwa amalimbana nacho: akwaporini 4, tizibowo ta madzi tija ta pamapazi a asitirosayiti.

Zimayenda motere. Maantibodi akapeza polowera amamatirira pamapaziwo n'kuitana komplimenti, amene amaboola khungu la asitirosayiti mpaka selolo kufa. Maselo oyera a m'magazi amakhamukira pamalopo, maikirogiliya nawo amadzuka, ndipo malowo amatupa. Gulutameti amasowa womutola. Maoligodendirosayiti, amene sapirira gulutameti wochuluka ndiponso amadalira maasitirosayiti, amafa, mayelini n'kusupuka. Pomaliza maakisoni, atatsala pambalambanda, amaduka. Nyuroni, imene tinkati ndiye mwini nyumba, imakhala yomaliza kugwa.

Zizindikiro zimatsatira malo amene akwaporini 4 ndi wochuluka. Kumunsi kwa ubongo kuli kadera kamene kamayambitsa kusanza kakamva poizoni m'magazi. Kuti kamve poizoniyo, mpanda wake ndi wosathina, choncho maantibodi amafikako mosavuta: ndiko kumachokera chidikwidikwi ndi kusanza kuja. Mtsempha wa diso ukagwidwa, diso limachita chifunga. Mumsana, makina ojambula m'thupi amaonetsa bala lalitali lodutsa mafupa atatu a msana kapena kuposa, pamene mabala a matipo sikilerosisi amakhala aafupi. Chotsimikizira ndi kuyeza magazi kuti aone maantibodi aja, ngakhale odwala ena sapezeka nawo. Mwa opezeka nawo, pafupifupi 9 mwa 10 alionse ndi akazi, ndipo matendawa, ngakhale ndi osowa, amapezeka kwambiri mwa anthu akuda ndi a kum'mawa kwa Asiya kuposa azungu.

Kusiyanitsa matenda awiriwa si nkhani ya maina chabe. Mankhwala ena othandiza pa matipo sikilerosisi, monga intaferoni beta, amatha kukulitsa matenda a mayi uja. Iye amafunika masiteroyidi amphamvu a m'dripi kwa masiku atatu kapena asanu matenda akangobuka. Zikakanika, amasefa madzi a m'magazi ake kuti achotse maantibodi, kenaka amamuika pa mankhwala ofewetsa chitetezo cha thupi kuti matendawo asabwerenso. Kubuka kulikonse kumatha kusiya chilema chosatha, ndipo akisoni wa mu ubongo kapena mumsana akaduka sameranso ngati mmene khungu limapolera. Diso la mayiyo lingapulumuke ngati dokotala, pomva za chidikwidikwi cha milungu iwiri ndi diso lachifunga, akumbukira mapazi a asitirosayiti nthawi ikadalipo.