Mawu okaniza amachiza khungu la pulasitiki, koma zala zimafuna njira ina

Wojambula zithunzi akapereka chithunzi cha kasitomala ku pulogalamu ya Stable Diffusion kuti ichikonze mwaluso, zolakwika zitatu zimabwerezabwereza: diso lina kuyang'ana kumbali, dzanja kukhala ndi zala 6, ndiponso khungu kusalala ngati la chidole cha m'sitolo. Ambiri amathamangira ku bokosi lolembedwa `Negative prompt`, momwe amalembamo zinthu zimene sakuzifuna. Bokosili limathandiza ndithu, koma silichiza matenda atatuwa mofanana.

Stable Diffusion, imene inatulutsidwa mu 2022, imayamba ndi chithunzi chodzaza timadontho tosokonekera n'kumachiyeretsa pang'onopang'ono. Pa sitepe iliyonse imalosera kawiri, koyamba motsatira mawu a zimene munthu akufuna, kachiwiri motsatira mawu okaniza, kenako imakankhira chithunzicho kutali ndi kulosera kwachiwiriko. Mphamvu ya kukankhako imachokera pa nambala ya `CFG Scale`, imene nthawi zambiri imakhala 7. Ikatsitsidwa kufika pa 1, mawu okaniza sagwiranso ntchito ngakhale atalembedwa ochuluka bwanji.

Choncho mawu okaniza si lamulo. Ndi chiwongolero chabe, ndipo amagwira bwino pa zinthu zimene zafalikira pachithunzi chonse, monga kusalala kwa khungu.

Mwachitsanzo, wojambula ali ndi chithunzi cha mayi amene wagwira chibwano ndi dzanja, ndipo wachiika pa `img2img` mu pulogalamu ya AUTOMATIC1111. Chotuluka choyamba chili ndi nkhope yonyezimira, yopanda khwinya ngakhale limodzi. Asanasinthe kanthu, ayenera kusunga nambala ya `Seed` imodzimodziyo, kuti kusintha kulikonse kumene aone kuchokere pa mawu ake osati pa mwayi. Kenako alembe mawu okaniza ochepa:

```
plastic skin, airbrushed, waxy, doll, 3d render
```

M'bokosi la zimene akufuna awonjezere `natural skin texture, pores`, chifukwa kukaniza kokha sikuuza pulogalamu choika m'malomo. Ngati khungu likadali losalala, ayang'ane `Restore faces`: chida chimenechi chimakonza nkhope pamapeto penipeni, mawu okaniza atamaliza kale ntchito yake, ndipo chimakonda kufafaniza timabowo ta pakhungu. Mindandanda yaitali yokopera pa intaneti nayonso ndi yofunika kuiwerenga kaye. Mawu ngati `dark` akakhalamo amawalitsa chithunzi chonse, ndipo mayi wa khungu lakuda angatuluke woyererako, zomwe mwini chithunzi sangazilandire.

Vuto la maso nthawi zambiri limachokera pa kukula kwa nkhope. Pulogalamuyi sigwira ntchito pa chithunzi chenichenicho koma pa chifaniziro chake chochepetsedwa ka 8 m'litali ndi m'lifupi, moti chithunzi cha mapikiselo 512 chimasanduka timagawo 64. Nkhope ya mapikiselo 80 imatsala ndi timagawo 10, ndipo diso limapeza pafupifupi tiwiri tokha. Pamalo ochepa chotero, kulemba `crossed eyes, asymmetric eyes` sikungapindule zambiri. Chizindikiro chake n'chakuti maso amatuluka bwino pa chithunzi chojambulidwa pafupi, n'kupotoka pa cha thupi lonse. Mankhwala ake ndi kupaka nkhopeyo pa `Inpaint` n'kusankha `Only masked`, kuti pulogalamu iikulitse, iijambulenso, kenako iibwezere pamalo pake.

Pa zala ndi pamene mawu okaniza amalephera kwambiri. Pulogalamu siwerenga zala. Inaphunzira maonekedwe a manja kuchokera ku zithunzi momwe zala zimabisana ndi kupindika mosiyanasiyana. Munthu akalemba `extra fingers` n'kuwonjezera mphamvu, monga `(extra fingers:1.5)`, kawirikawiri imangokankhidwira kutali ndi zala zonse, ndipo dzanja limabisika kapena kusanduka chibumi.

Apa chothandiza ndi chithunzi choyambirira chija, chomwe chili kale ndi zala 5. Nambala ya `Denoising strength` ndiyo imanena kuchuluka kwa zimene pulogalamu ingasinthe. Pa 0.75 imajambulanso dzanja mwa iyo yokha, ndipo chala chachilendo chimamera pamenepo. Pa 0.35 kapena 0.4 imasunga dzanja ndi nkhope ya mayiyo, ngakhale kuti kukongoletsa kumachepa. Ngati chala chowonjezera chatsalabe, wojambula achifafanize ndi utoto wofanana ndi malo ochizungulira, kenako apake dzanja lokhalo pa `Inpaint` ndi nambala yotsikayo, kuti pulogalamu ingosalaza m'mphepete mwake.