Sitetimenti ya Banki Isanalowe mu QuickBooks

Mwezi ukatha, banki imatumiza sitetimenti ya PDF. Kalaliki wa sitolo ya zipangizo zomangira ku Limbe safuna kukopera mizere 200 pamanja, ndiye amagwiritsa ntchito pulogalamu yotola manambala m'chikalatacho n'kuwaika mu Excel. Akawaona atandandalikidwa bwino amaganiza kuti ntchito yatha, chonsecho pamene pamalakwika zinthu ndi apa.

Sitetimenti zambiri zimakhala ndi madanga asanu: Date, Description, Debit, Credit ndi Balance. QuickBooks Online imalandira fayilo ya CSV ya madanga atatu kapena anayi basi. Ya atatu ndiyo yosavuta: Date, Description ndi Amount. Choncho Debit ndi Credit ziphatikizidwe m'danga limodzi. Pa sitetimenti ya banki, Debit ndi ndalama zimene zatuluka, ndipo zimalembedwa ndi kamzere kochotsera kutsogolo kwake; Credit ndi zimene zalowa. Danga la Balance lichotsedwe. Ine ndimayambira pamenepo, chifukwa pulogalamu ikafunsa danga loti liimire Amount, dzanja limathamangira lakumapeto, ndipo ndalama zotsala zimalowa m'mabuku ngati malonda a tsikulo.

Tinene kuti mu Epulo 2024 kasitomala analipira K1,250,000, sitolo inagula simenti ya K85,000, ndipo banki inadula K2,500. Fayilo yabwino imaoneka chonchi:

```
Date,Description,Amount
03/04/2024,Malipiro a kasitomala,1250000.00
05/04/2024,Simenti,-85000.00
30/04/2024,Zodula banki,-2500.00
```

Onani kuti palibe K, ndiponso mipatuliro ya pakati pa manambala yachotsedwa. Mu CSV mpatuliro ndi malire a danga, moti 1,250,000 yolembedwa yopanda zoitchinga imaduka patatu, Amount n'kungotenga 1.

Za masiku ndiye zimabisala kwambiri. Kwa ife 03/04/2024 ndi 3 Epulo, koma kompyuta yotcheredwa mwa Chimereka imawerenga 4 Malichi, ndipo siidandaula. Imadzakana pa 30/04/2024 pokha, poti kulibe mwezi wa 30. Ikakana mizere ina n'kulandira ina, kayikirani imene yalandiridwayo, ndipo pa tsamba lolumikiza madanga sankhani `dd/mm/yyyy`. Musanatumize fayilo, itseguleni mu Notepad, chifukwa Excel imaonetsa masiku m'njira yakeyake osati mmene alembedwera.

Kenako pamabwera masamu a kupulayimale. Ngati mwezi unayamba ndi K500,000, kuphatikiza danga lonse la Amount kuyenera kufikitsa pa K1,662,500, yofanana ndi Balance yomaliza ya banki. Kusiyana kukakhalapo, kumaloza kokha pamene palakwika. Mukapeza kuti zapitirira ndi K170,000, gawani pawiri: mupeza K85,000, kutanthauza kuti simenti ija yataya kamzere kake n'kulowa ngati ndalama zolandira. Zikapitirira ndi K2,500 yeniyeni, mzere wa zodula banki unatsalira, ndipo malo oyamba kuufuna ndi pamene tsamba lina la PDF likuthera n'kuyamba linzake.