Nyemba za M'chitini ndi Zophika Pakhomo: Madzi Aja Tiziwawerengera?

Nyemba zouma, kaya ndi nanyati, kholophethe kapena napilira, zimakhala ndi mapuloteni, zomanga thupi zija, pafupifupi magalamu 22 pa magalamu 100 alionse. Mukaziviika n'kuziwiritsa zimamwa madzi n'kufufuma, mwakuti magalamu 100 aja amafika pafupifupi 250. Mapuloteni sawonjezereka, ndipo kuwira sikuwatha. Amangomwazikana m'nyemba zomwe tsopano zalemera ndi madzi. N'chifukwa chake nyemba zakupsa zimapezeka ndi magalamu 9 okha pa 100 alionse.

Za m'chitini ndi nyemba zoumazo, kungoti zinaviikidwa kufakitale n'kuphikidwira m'chitini chomata pa moto waukulu. Popeza zimakhala m'madzi kwa miyezi, zimamwa ochulukirapo, ndiye mukatsanula madziwo zimapereka magalamu 7 kapena 8 pa 100. Kusiyana kumeneku n'kochepa. Kuwonjezera masipuni angapo m'mbale kumakutseka.

Pamene anthu amasokonezeka ndi pa manambala olembedwa pachitini. Titenge chitini cha nyemba zofiira za m'madzi a mchere. Nthawi zambiri chimakhala ndi manambala awiri a kulemera: 400, omwe ndi magalamu a nyemba pamodzi ndi madzi, ndi 240, omwe ndi nyemba zokha madzi atatsanulidwa. Tinene kuti pa mndandanda wa zakudya zopezekamo alemba kuti mapuloteni ndi magalamu 8 pa 100. Munthu wofulumira angoti 8 kanayi, n'kupeza 32. Waphonya, chifukwa 8 uja ndi wa nyemba zotsanula madzi, ndipo zimenezo zilipo magalamu 240 basi. Chitini chonsecho chili ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 19.

Makampani ena amalemba mosiyana. Amayeza nyemba ndi madzi omwe, ndiye nambala yawo imatsika kufika cha m'ma 5. Apa ndi pamene 400 amagwira ntchito: 5 kanayi ndi 20. Wolakwitsa pano ndi amene atsanula madzi, n'kuika nyemba pasikelo, n'kuwerengera magalamu 240 aja ndi 5. Apeza 12, n'kuganiza kuti nyemba za m'chitini n'zachabechabe poyerekeza ndi za pamsika. Ngati chitini sichikunena momveka, nambala yeniyeniyo ikuuzani. Ikakhala pakati pa 7 ndi 9, ayeza nyemba zokha. Ikakhala cha m'ma 5, madzi alimo.

Njira ziwirizo zatipatsa 19 ndi 20, zomwe n'zoyandikana kwambiri. Madzi onandamawo ali ndi mapuloteni pang'ono ndithu, koma chowanandamitsa kwenikweni ndi sitalichi wotuluka m'nyemba. Mulinso mchere, komanso timashuga tina tosungunuka tomwe timathandiza kudzaza mpweya m'mimba. Choncho ine ndimati kulemera kwa madziwo musakuwerengere ngati nyemba, kaya muwadya kaya muwataya. Kudya kapena kutaya kuyendere mchere. Kutsanula madzi n'kutsukuluza nyembazo kumachotsa pafupifupi magawo 40 pa 100 a sodiyamu, ndipo kwa wodwala kuthamanga kwa magazi phindu limeneli ndi lalikulu kuposa timapuloteni totayikato.

Nyemba za mu msuzi wa tomato, zodyera buledi zija, nkhani yake ndi ina. Palibe amene amataya msuziwo, ndipo nambala yapachitini, yomwe imakhala pafupifupi magalamu 5 pa 100, ndi ya zonse pamodzi. Werengani chitini chonse, koma dziwani kuti mu msuziwo anathiramo shuga.

Nanga mphika wa pakhomo? Ife nyemba timadya ndi msuzi wake, pakuti nsima siyenda bwino popanda posunsa, choncho zomwe zasungunukira m'madzi ophikira sizitayika. Vuto ndi lakuti chipande chimodzi cha nyemba zochuluka msuzi sichifanana ndi cha nyemba zokhathamira, ndipo amene anadyako kusukulu yogonera komweko akudziwa mbale ya msuzi wambiri yokhala ndi nyemba zowerengeka pansi. Kuyeza ndiwo zakupsa kumanamiza. Yezani nyemba zisanapite pamoto. Theka la kilo ya zouma lili ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 110, muthire madzi ambiri kapena ochepa. Mukagawira anthu asanu mofanana, aliyense apeza 22, kuposa pang'ono chitini chathunthu cha magalamu 400. Kuti mufanane ndi chitini chimodzi, mukufunika nyemba zouma zokwana magalamu 90 okha, ndipo poyerekeza mitengo, mtengo wa chitinicho muuike pambali pa mtengo wa magalamu 90 amenewo, n'kuwonjezapo wa makala.