Kodi mumadziwa kuti nambala ya shuga imatengera nthawi yoyezetsa?

Tinene kuti mayi wa ku Chilobwe wamwa tiyi ndi zitumbuwa, kenako n'kukayezetsa ku chipatala cha Zingwangwa, makina n'kuonetsa 8.5 mmol/L. Pamenepo sitinganene kuti akudwala. Koma akanapeza nambala yomweyo m'mawa, atatha maola 8 osadya kanthu, ikanakhala nkhani ina, chifukwa munthu akayezetsa asanadye, matenda a shuga amayambira pa 7.0. Kuyambira 6.1 mpaka 6.9 ndi chenjezo.

Patadutsa maola awiri chidyereni, shuga wabwino safika 7.8. Akafika 11.1, kaya mwadya liti, komanso muli ndi ludzu losatha, mukukodza pafupipafupi ndiponso mukuwonda, amenewo ndi matenda a shuga. Ngati zizindikirozi palibe, achipatala amayezanso tsiku lina. Makina ena amalemba 126 ndi 200 mg/dL m'malo mwa 7.0 ndi 11.1.