Sipoko imodzi ikakhwefuka, gudumu lonse limadwala

Sipoko ya njinga ikaduka, ambiri timathamangira kunena kuti katundu anachuluka. Wakabaza amaloza thumba la chimanga limene ananyamula dzulo, wina amaloza dzenje la mumsewu. Zoona, katundu ndi maenje zimathandizira, koma nthawi zambiri sipoko imene yaduka lero inayamba kufa kalekale, tsiku limene inakhwefuka popanda woizindikira.

Kuti izi zimveke, tiyambe taona mmene gudumu limaimira. Njinga zambiri zakapalasa zimene timayendera zimakhala ndi masipoko 36 pa gudumu, ena 32. Theka la masipokowo limachokera mbali ya kumanja ya habu, theka lina kumanzere, ndipo onse amakathera pa mkombero, umene amakaniko amautchula kuti limu, pomwe iliyonse yagwidwa ndi kanati kake. Sipoko ndi waya chabe. Singachirikize kanthu poikankha, imangopindika. Mphamvu yake yonse ili pa kukoka. Ndiye mkombero umakhala pakatikati chifukwa masipoko a kumanja ndi a kumanzere akuulimbirana mofanana.

Munthu akakwera, masipoko amene ali pansi, pafupi ndi nthaka, amapepukidwa pang'ono, kenaka n'kukungikanso gudumu likazungulira. Sipoko yokungika bwino imapirira zimenezi kwa zaka. Yokhwefuka ndiye imafika potayiratu kukoka kwake, n'kumagwedera pa kabowo ka habu ulendo uliwonse ikafika pansi. Waya wopindidwa uku ndi uku kosalekeza amatopa. N'chifukwa chake mukayang'ana sipoko yoduka, kawirikawiri mupeza kuti yadukira pa chigongono, pamene yapindikira polowa m'habu, osati pakati.

Kupima sikulira chida chogula. Gadabuzani njinga, chishalo ndi mahandulo zikhale pansi. Musanaimbe mlandu masipoko, gwirani mkombero n'kuugwedezera kumanja ndi kumanzere. Ngati gudumu lonse likuchita gwedegwede, vuto lili m'habu kapena pa manati ogwira gudumu, ndipo kukunga masipoko sikungathandize. Onaninso tayala. Tayala losakhala bwino kapena lotupa penapake limavina ngakhale mkombero uli wowongoka, choncho maso anu akhale pa chitsulo, osati pa labala.

Tsopano mangirirani kamtengo kapena choko pa foloko, nsonga yake itatsala pang'ono kukhudza m'mbali mwa mkombero, n'kuzunguza gudumu pang'onopang'ono. Yang'anani mpata wa pakati pa nsongayo ndi chitsulo. Ukamakula n'kumachepa, mkombero wapotokera m'mbali, ndipo choko chidzasiya mzere pamalo penipenipo. Kusuntha kwa milimita imodzi si nkhani pa njinga yoyendera tsiku ndi tsiku. Koma kukafika poti mkombero ukukhula labala wa buleki pa kuzungulira kulikonse, pafunika ntchito. Kenaka sunthirani kamtengoko pamphepete pa mkombero kuti muone ngati ukudumpha, kukwera ndi kutsika. Kudumphaku anthu amakunyozera, komatu pa njinga za mabuleki a ndodo n'koopsa, poti labala amagwira mkombero chakumimba kwake, mbali ya masipoko. Mkombero wodumpha umachititsa buleki kugwira n'kutaya, kugwira n'kutaya, ndipo pamtsetse utanyamula munthu si zoseketsa.

Maso akatha, igwire ntchito manja ndi makutu. Finyani masipoko awiriawiri kuzungulira gudumu lonse, kuyambira pa valuvu kuti mudziwe pothera. Yokhwefuka imamveka yofewa pansi pa chala. Kapena ikhwatchuleni ndi chikhadabo monga waya wa bangwe: yokungika imalira mokweza, yokhwefuka imangoti phwa. Fanizirani masipoko a mbali imodzi okhaokha. Pa gudumu lakumbuyo la njinga yamagiya, a mbali ya tcheni amakhala okungika kwambiri kuposa a mbali inayo, ndipo ndi mmene analipangira. Wofuna kuwalinganiza amangokokera mkombero kumbali.

Titenge gudumu lakumbuyo la masipoko 36 limene sipoko yake imodzi ya kumanja yaduka. Pamalopo palibenso chokokera kumanja, ndiye masipoko awiri oyandikana nayo, amene amachokera kumanzere, amakokera mkombero kwawo. Chokocho chidzalemba mbali ya kumanzere. Ngati muli pa ulendo, kulungani sipoko yodukayo pa inzake kuti isakole tcheni, pepuzani katundu, mukafike. Koma musathe nayo sabata, chifukwa ntchito ya yodukayo yagwera anzake oyandikana nayo.

Pogula ina, tengani yakaleyo kapena inzake ya mbali yomweyo mukafanizire kutalika. Yaifupi sigwira mokwanira m'kanati, yaitali imatulukira pamwamba n'kuboola chubu, ndipo ikatulukira pang'ono ipaleni ndi tupa musanabwezere lamba wa mkati. Mbali ya tcheni ili ndi chovuta chake: kambale ka mano kamene tcheni imakwerapo kamatseka mabowo a habu, ndiye kamayenera kuchoka kaye, ndipo kuchotsa kwake kumafuna chida cha amakaniko. Polowetsa sipoko yatsopano, onani anzake. Mitu yawo pa habu imasinthana, wina kunja wina mkati, ndipo iliyonse imapingasa anzake mwa njira imodzi. Tsatirani imeneyo.

Ikalowa, imangeni mpaka kulira kwake kufanane ndi kwa anzake a mbali yomweyo. Nthawi zambiri mkombero umabwerera wokha pafupi ndi pamene unali. Chotsalacho ndi ntchito ya kuleza mtima. Lamulo lake ndi lakuti mkombero umatsata sipoko imene yakungidwa. Ukapendekera kumanzere, mangani ya kumanja pamalopo, ndipo ngati a kumanzere ali olimba kale kwambiri, amasuleni pang'ono. Potembenuza kanati musapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira musanazunguzenso gudumu ndi kuona. Pamene ambiri amasokonekera ndi apa: kanati kamamanga potembenukira kumanja mukakayang'ana kuchokera kunja, kumene kumakhala tayala. Mukakayang'ana kuchokera ku habu, zimaoneka zotembenuka, ndipo munthu amamasula akuyesa akumanga.

Gwiritsani kasipanala ka masipoko kokwana bwino. Pulayala imadya makona a kanati, ndipo kanati kodyeka sikamangikanso kapena kumasuka. Kakagwidwa ndi dzimbiri, donthezanipo oyilo n'kudikira, apo ayi mudzangopota sipoko, imene idzabwerera mukangokwera. Pomaliza finyaninso masipoko onse mwamphamvu kuti akhazikike, n'kupimanso.

Pali magudumu amene kasipanala sikangawapulumutse. Ngati kuti mkombero uwongoke mpaka masipoko a mbali ina akungike zedi pomwe a mbali inayo ali lendelende, ndiye kuti chitsulo chenichenicho chinapindika, mwina pogunda mwala, ndipo gudumu lotero silichedwa kubwerera ku matenda ake. Ming'alu m'mbali mwa mabowo a tinati ndi chizindikiro chakuti mkomberowo watha. Ndipo masipoko akayamba kuduka motsatizana, mwezi uno imodzi, mwezi wamawa ina, musavutike n'kugula imodziimodzi. Onse anatopera limodzi. Kumasula gudumu lonse n'kulilukanso ndi masipoko atsopano kumaoneka kodula tsiku lolipira, koma wakabaza amene amaima kawiri pa mwezi chifukwa cha sipoko amakhala atalipira kale mtengowo m'maulendo amene anataya.